Mitengo yatsopano iyamba liti? Lipoti la loja ina ya zipangizo zomangira ku Ulongwe

Lipoti ili likufotokoza mmene loja ina yogulitsa zipangizo zomangira mopikulitsa ku Ulongwe, m'boma la Angoniya, inasinthira mndandanda wa mitengo yake mu Seputembala 2024 randi itakwera mphamvu. Dzina la loja sititchula, ndipo manambala tawadula pang'ono kuti asavute kutsatira. Kuwerengera mtengo watsopano kunatenga tsiku limodzi. Chimene chinadya masabata awiri ndi kukhazikitsa tsiku loyambira m'njira yoti wogula ndi wogulitsa alimve chimodzimodzi.

Kumene vuto linachokera

Lojayi imaoda katundu kuwiri. Simenti, malata ndi misomali imagula ku Tete ndi ku Beira, kulipira ndi metikali. Mawilibala, mapaipi a pulasitiki, maloko ndi penti wina zimachokera ku Joni, ndipo fatula yake imabwera mu randi.

Kuyambira pakati pa 2021 mpaka nthawiyo metikali inali pafupi ndi 64 pa dola imodzi, osasuntha kwenikweni. Ichi n'chifukwa chake ogula ambiri akamva za kambiyo amafunsa kuti: "Kambiyo yake iti, poti dola ili pomwe paja?" Funsoli n'lomveka, koma amene wasuntha si dola. Mu Epulo 2024 dola imodzi inkagula marandi pafupifupi 19, ndipo pofika Seputembala inkagula osakwana 18. Metikali ikakhala itamamatira ku dola, randi ikakwera pa dola ndiye kuti yakweranso pa metikali. Mndandanda wakale wa lojayi unawerengedwa randi ili pa 3.40 MT. Ngongole yomaliza ya ku Joni inalipidwa ku banki pa 3.62 MT.

Pano pali malo amene ambiri amaphonya. Mtengo wa randi woti uwerengerepo si umene ukuoneka pa foni ukafufuza, komanso si wapakati umene Banki Yaikulu ya Mozambiki imalengeza. Ndi mtengo umene banki yako ikugulitsira randi pa tsiku limene ukulipira, kuphatikizapo ndalama zimene imadula potumiza. Mtengo umenewo umakhala wokwererapo nthawi zonse, ndipo uli pa pepala la banki. Mtengo wa pa pepalalo ndi umene unatuluka m'thumba mwako, choncho ndi umene uyambirepo.

Kuwerengera pa wilibala imodzi

Wilibala imodzi ankaioda pa R700, ndipo gawo lake la thiransipoti kufika ku Tete linali R100. Zonse pamodzi R800. Katunduyu anali ndi chikalata cha SADC chosonyeza kuti anapangidwa ku Joni, ndiye msonkho wa pa chipata sunalowe m'masamu ano. Pa 3.40 MT, R800 ndi 2,720 MT. Pamwamba pake pali zolipira za kuno, monga wokonza mapepala a kasitomu, otsitsa katundu ndi lole yochoka ku Tete kudzera ku Musakama mpaka ku Ulongwe, zomwe zinkakwana 480 MT pa wilibala. Choncho wilibala inkafika m'nyumba yosungira katundu pa 3,200 MT. Ankaigulitsa 4,000 MT, ndipo ndi msonkho wa IVA wa 16 peresenti wogula ankalipira 4,640 MT.

Mndandanda watsopano sanauwerengere pa 3.62 koma pa 3.70 MT, chifukwa randi inali idakakwerabe ndipo mndandanda umene utha ntchito pakatha sabata ziwiri umatopetsa aliyense. Pa 3.70, R800 ndi 2,960 MT. Zolipira za kuno sizinasinthe, ndiye mtengo wofikitsira unakhala 3,440 MT. Kuchoka pa 3.40 kufika pa 3.70, randi yakwera ndi 8.8 peresenti, koma wilibala yadula ndi 240 MT yokha, yomwe ndi 7.5 peresenti, popeza gawo la metikali silinagwedezeke.

Panali njira ziwiri. Kusunga phindu la 800 MT pa wilibala kukanapereka 4,240 MT. Kusunga phindu la 20 peresenti ya mtengo wogulitsira kukanapereka 4,300 MT. Eni loja anasankha 4,250 MT, imene ndi IVA imakwana 4,930 MT ndendende. Wogula awonjezera 290 MT, kapena kuti 6.25 peresenti. Ndikuona kuti anasankha bwino. Ukauza anthu kuti chifukwa chake ndi randi, kukwera kwa mtengo kusapose kukwera kwa randiyo, apo ayi wina amene ali ndi foni ndi pensulo akugwira bodza. Ganizo loyamba la mmodzi wa ogulitsa linali loti angoika 10 peresenti pa chilichonse. Wilibala ikanafika 5,104 MT, ndipo simenti, imene sinakhudzepo randi, ikanakwera nayo. Pa mizere 140 ya mndandanda, mizere 52 yokha ndiyo inali ndi chifukwa chokwerera.

Wogula wina amafunsanso kuti: nanga katundu amene ali kale m'loja, si munamugula pa mtengo wakale? Zoona. M'nyumba yosungira munali mawilibala 60. Koma akatha, kubweretsa ena 60 kufuna 14,400 MT yoposa kale. Ukagulitsa onse pa mtengo wakale, mabuku aonetsa phindu, pamene ndalama yoodera yachepa. Masiku ochenjeza ali ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuudziwa usanalonjeze. Lojayi imagulitsa mawilibala pafupifupi 15 pa sabata, ndiye sabata ziwiri za mtengo wakale zinayenera kuidyera 30 kuchulukitsa ndi 240, yomwe ndi 7,200 MT. Eni ake anaona kuti imeneyo angaipirire.

Uthenga woyamba ndi zimene unabala

Lachinayi pa 12 Seputembala, mndandanda usanathe kukonzedwa, mmodzi wa ogwira ntchito anatumiza uthenga pa gulu la WhatsApp la makasitomala. Unali wa mzere umodzi: "Tikudziwitsa kuti mitengo ikwera mwezi wamawa chifukwa cha kambiyo."

Cholinga chake chinali chabwino, koma uthengawo sunanene zinthu zitatu: katundu wake uti, ndi zingati, ndipo kuyambira liti. Pofika Loweruka, anthu anali atathamangira simenti ndi malata, katundu amene samakwera n'komwe, ena mpaka kukongola ndalama kuti agule msanga. Wopikula wina wa ku Domwe anaitanitsa mawilibala 40 nthawi imodzi, pamene mwezi wonse amatenga 8. Akanapatsidwa, makasitomala ena onse akanatsala ndi 20, ndipo iyeyo akanakagulitsa pa mtengo watsopano katundu amene wamutenga pa wakale. Foni ya pa kauntala sinapume, ndipo ogulitsa atatu ankayankha mosiyana. Wina ankati pa 1, wina ankati "katundu watsopano akafika", wachitatu ankati zidalira abwana.

Mawu akuti "mwezi wamawa" si tsiku. Koma ngakhale kulemba kuti "pa 1 Okutobala" sikukwanira pakokha, ndipo mtima wa nkhani yonseyi uli pamenepa. Kugula kumodzi kumakhala ndi masiku anayi: tsiku limene munthu waitanitsa, tsiku limene walipira, tsiku limene fatula yalembedwa, ndi tsiku limene katundu watuluka pa geti. Pa kauntala, kwa munthu wogula loko mmodzi, masiku anayiwa ndi mphindi imodzi. Kwa wopikula wa ku Tsangano amene amaimba foni Lolemba, kutumiza ndalama Lachitatu, n'kupeza galimoto Loweruka, ndi masiku osiyana. Ngati pa 1 Okutobala pagwera pakati pawo, iye awerengera kuchokera tsiku limene anaimba foni, loja iwerengera tsiku limene katundu watuluka, ndipo aliyense akhala ndi mfundo. Chidziwitso chiyenera kunena chochitika chimene tsikulo lamangiriridwapo.

Lojayi inamangirira pa kulipira kwa ogula ndi ndalama pamanja, ndi pa tsiku la fatula kwa ogula pa ngongole. Kuitanitsa pakamwa anakukana chifukwa sikusiya umboni. Kutuluka kwa katundu anakukananso chifukwa nthawi zina wochedwetsa ndi loja yomwe, ndipo si chilungamo kulipiritsa wogula chifukwa lole yako yafa pa msewu. Kulipira kuli ndi lisiti kapena uthenga wa M-Pesa ndi e-Mola wokhala ndi tsiku ndi ola, zimene onse awiri angaziwerenge.

Chidziwitso chachiwiri

Chinatuluka Lolemba pa 16 Seputembala, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, pa tsamba limodzi lokhala ndi chidindo ndi siginecha ya eni loja. Mawu ake a Chichewa anali awa:

"Kwa makasitomala athu nonse. Kuyambira Lachiwiri pa 1 Okutobala 2024, mitengo ya katundu wochokera ku Joni isintha. Chifukwa chake n'chakuti randi, imene timaodera katunduyu, yakwera kuchoka pa 3.40 MT ndipo tsopano yadutsa 3.60 MT. Katundu wokhudzidwa ndi mawilibala, mapaipi a pulasitiki, maloko ndi penti wa ku Joni. Mtengo wakale ndi watsopano wa chinthu chilichonse uli pa Mndandanda Nambala 2 umene taphatikiza, ndipo mitengo yonse ili mu metikali, IVA ili momwemo. Simenti, malata ndi misomali sizikusintha.

"Mtengo wakale ugwira ntchito pa katundu amene walipiridwa yense pofika 5 koloko madzulo Lolemba pa 30 Seputembala. Katundu ameneyo mudzamutenge pasanadutse pa 15 Okutobala. Kwa ogula pa ngongole, tiona tsiku la fatula, ndipo ngongole zimene zalembedwa kale sizisintha. Makotasau olembedwa amene tinapereka kale tiwalemekeza mpaka tsiku limene linalembedwapo. Kuti katundu akwanire onse, kufikira pa 30 Seputembala aliyense agula mosapitirira mlingo umene amagula pa mwezi. Lachitatu pa 25 Seputembala loja idzakhala yotseka chifukwa cha holide. Uthenga wa pa 12 Seputembala musautsatirenso, chidziwitso ndi chino."

M'chidziwitsochi mulibe kupepesa kwa ndime ziwiri, mulibenso nkhani ya mavuto a chuma cha dziko. Wopikula akufuna adziwe kuti abwere ndi zingati ndiponso liti. Tsiku lalembedwa ndi dzina lake, Lachiwiri, komanso mwezi m'mawu, chifukwa 01/10 pa chithunzi chosaoneka bwino cha pa foni imawerengedwa molakwika mosavuta. Kutchula holide ya pa 25 kunathandiza a kutali, amene amalipira galimoto kuti afike ku Ulongwe, kuti asayende ulendo wachabe m'sabata yomaliza.

Pa mndandanda weniweniwo mitengo inalembedwa yopanda kadontho kapena kampatuliro, monga 4930 MT. Ku Mozambiki anthu anazolowera kulemba 4.930,00 pamene ochokera ku Malawi amalemba 4,930.00, ndipo loja ya ku Angoniya imalandira onse awiri. Mndandandawo unalibenso danga la kwacha, ngakhale ogula ena amadutsa pa Kalomwe kuchokera ku Dedza. Pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwa tsiku limodzi, dola kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700, ndipo pepala lililonse lokhala ndi mitengo ya kwacha linasanduka chinyalala m'mawa womwewo. Wobwera ndi kwacha asinthe kaye, mtengo wa loja ndi wa metikali.

Kufalitsa kunachitika m'njira zitatu. Pepala linamatidwa pa khomo ndi pa kauntala, chithunzi chake chinapita pa gulu la WhatsApp, ndipo opikula akuluakulu 18 anaimbiridwa foni mmodzimmodzi, woimbayo akulemba m'kope tsiku ndi dzina la amene wayankha. Kuimbako si ulemu chabe. Kumadera ena a Tsangano ndi Makanga netiweki imavuta, ndipo chithunzi chimatha masiku chisanatsitsidwe.

Milandu itatu imene inayesa chidziwitsocho

Woyamba unali wa womanga wina amene anali ndi kotasau, kapena kuti fatula ya pulofoma, ya pa 10 Seputembala, ya mawilibala 20 pa 4,640 MT, yolembedwa pansi pake kuti igwira ntchito masiku 30. Anabwera pa 7 Okutobala ndalama za ntchito yake zitatuluka. Wogulitsa pa kauntala anamuuza mtengo watsopano. Bamboyo anangoyala pepala pa kauntala, naloza mzere wa pansi, n'kunena kuti: "Achimwene, amene analemba apa si ine." Kusiyana kwake kunali 290 kuchulukitsa ndi 20, yomwe ndi 5,800 MT, ndipo pochotsa IVA loja inataya 5,000 MT. Anapatsidwa pa mtengo wakale, chifukwa pepalalo linali ndi mphamvu mpaka pa 10 Okutobala ndipo chidziwitso chinalonjeza kulilemekeza. Cholakwa chinali cha loja pawiri. Wogulitsayo sanapatsidwe mndandanda wa makotasau amene anali adakali ndi moyo, komanso masiku 30 ndi ochuluka kwambiri pa katundu wa randi. Kuyambira pamenepo makotasau a katundu wa ku Joni amalembedwa masiku 7, ndipo asanalengeze kusintha kulikonse amayamba awerenga makotasau onse amene ali kunja kuti adziwe ndalama imene alonjeza kale.

Wachiwiri unali wa mayi wina wopikula amene anatumiza ndalama ya maloko pa M-Pesa pa 30 Seputembala nthawi ya 21:40. Iye ankati walipira pa 30, tsiku lisanathe. Chidziwitso chinanena 5 koloko madzulo, ndipo kope la mafoni linasonyeza kuti anauzidwa zimenezo pa 17 Seputembala. Eni loja anamupatsa mwayi wosankha: awonjezere ndalama yotsala, kapena atenge maloko okwanira ndalama imene watumiza, kapena abwezeredwe yonse tsiku lomwelo. Anatenga maloko ochepa. Sanasangalale, koma sanakangane, chifukwa ola linalembedwa. Chidziwitso chikanangoti "pa 30 Seputembala", mayiyu akanakhala wolondola. Ndalama za pa foni sizidziwa kuti loja yatseka, ndiye ola lotsekera liyenera kulembedwa nthawi zonse.

Wachitatu ndi umene chidziwitso sichinauganizire. Munthu wina anapereka theka la ndalama ya mapaipi a mamilimita 110 pa 5 Seputembala, mapaipiwo asanafike. Anafika pa 3 Okutobala. Chidziwitso chimati katundu "walipiridwa yense", ndiye mwa chilembo chake munthuyu anayenera kulipira mtengo watsopano. Koma lisiti yake inali ndi mtengo wa paipi imodzi, kuchuluka kwake ndi ndalama yotsala, zonse zolembedwa ndi dzanja la loja chidziwitso chisanabadwe, ndipo sanamalize kulipira chifukwa loja inalibe chomupatsa. Anamaliza pa mtengo wakale, ndipo mpake. Mzere umene unasowa m'chidziwitso ndi uwu: "Amene anapereka ndalama ya chikole pasanafike pa 16 Seputembala, ndipo lisiti yake ili ndi mtengo, amaliza pa mtengo umenewo." Kutchula tsiku la chidziwitso m'mzerewu n'kofunika, apo ayi anthu adzasiya chikole cha 500 MT pa 29 kuti amange mtengo wakale pa katundu wa 100,000 MT.

Usiku wosinthira

Chitseko chitatsekedwa pa 30 Seputembala, ntchito inayenda motsatana. Choyamba anatseka malonda a tsikulo ndi kusindikiza mndandanda wa katundu wolipiridwa koma wosatengedwa, n'kumuika padera atalembedwa mayina a eni ake, kuti asagulitsidwenso m'mawa. Kenako analowetsa mitengo 52 m'kompyuta yolembera mafatula, wina akuwerenga pa pepala, wina akutaipa, wachitatu akuona pa sikirini. Mitengo ya m'kompyutamo imalowa yopanda IVA, ndiye pa wilibala analowetsa 4250 osati 4930. Kusokoneza ziwirizi kumatulutsa fatula ya 5,718.80 MT, ndipo cholakwa chotere chimaonekera kasitomala ataima kale pa kauntala. Anayesa polemba fatula yoyeserera ya zinthu zisanu n'kuifananiza ndi Mndandanda Nambala 2. Pomaliza anasintha timapepala ta mitengo pa mashelefu ndi kutolera makope onse a mndandanda wakale.

Timapepala ta pa shelefu si nkhani yaing'ono. Oyendera malonda a boma amaona ngati mitengo yaikidwa poonekera, ndipo mtengo wa pa shelefu ukasiyana ndi wa pa fatula, wogula amaona ngati wapusitsidwa. M'mawa wa pa 1 Okutobala kapepala kamodzi ka penti wa malita 20 kanapezeka kadakali ndi mtengo wakale chifukwa kanabisika kuseri kwa zigubu. Amene anakapeza ndi kasitomala. Anamugulitsa pa mtengo wa pa kapepalako, n'kukasintha iye asanatuluke.

Kope limodzi la mndandanda wakale linapulumuka. Linali m'galimoto ya wogulitsa woyendayenda amene anagona ku Domwe usiku umenewo, ndipo pa 1 Okutobala analemba maoda awiri pa mitengo yakale. Apa m'pamene nambala ya mndandanda inagwira ntchito. Pansi pa tsamba lililonse la watsopano panali mawu akuti "Mndandanda Nambala 2, kuyambira pa 1 Okutobala 2024, ukulowa m'malo mwa Nambala 1", ndiye wolemba mafatula anazindikira msanga, ndipo ogula awiriwo anaimbiridwa katundu asanapakiridwe. Onse anali m'kope la amene anauzidwa pa foni, ndipo anavomera mtengo watsopano.

Pofika pa 30 Seputembala mawilibala 38 anali atagulitsidwa pa mtengo wakale, m'malo mwa 30 amene ankayembekezereka. Pa 240 MT iliyonse, masiku ochenjeza anadya 9,120 MT pa mawilibala okha, osawerengera 20 a womanga uja. Malire a mlingo wa pa mwezi ndiwo analetsa kuti onse 60 asathe. Eni loja analembanso lamulo lawo lamkati, limene ogulitsa onse akulidziwa: mndandanda wa katundu wa ku Joni udzaunikidwanso ngati mtengo wa banki wogulitsira randi ukhala pamwamba pa 3.90 MT kapena pansi pa 3.50 MT kwa masabata anayi otsatizana, ndipo ukatsika, chidziwitso cha kutsika kwa mitengo chidzatuluka pa pepala lofanana, lokhala ndi tsiku ndi ola.